Pensulo ikafooka pa chithunzi: mphunzitsi achonge kapena apemphe china?

Sukulu zitatsekedwa m'Malawi mu Marichi 2020 chifukwa cha mliri wa Covid-19, aphunzitsi ena, makamaka m'tauni, anayamba kulandira ntchito za ana pa WhatsApp. Mwana amalemba m'kope, kholo limajambula tsambalo ndi foni, mphunzitsi nkuchonga ali kunyumba. Sukulu zinayamba kutsegulidwa mu Seputembala chaka chomwecho, koma chizolowezicho chinakhala. Lero ophunzitsa ana mwapadera, ophunzitsa anthu akutali, ngakhalenso mapulogalamu a pa foni owerenga zolemba pamanja, onse amadalira chithunzi cha tsamba la kope.

Vuto ndi lakuti ntchito zambiri za ana, makamaka masamu, zimalembedwa ndi pensulo, ndipo pensulo sigwirizana ndi kamera. Tsamba limene m'manja likuwerengeka bwinobwino limafika pa foni lili mbuu. Wochonga amatsala ndi njira ziwiri: kukhulupirira zimene maso ake akumuuza, kapena kubweza ntchitoyo kuti ijambulidwenso. Njira zonsezi zili ndi mtengo wake, ndipo pali kaganizidwe kothandiza kusankha bwino.

Kumene mzere umatayikira

Mtima wa pensulo ndi girafaiti wosakaniza ndi dongo, njira imene Mfalansa wina, Nicolas-Jacques Conté, anatulukira mu 1795. Dongo likachuluka pensulo imalimba nkumalemba mopepuka, ndipo mapensulo otere amakhala ndi chilembo H. Girafaiti akachuluka pensulo imafewa nkumalemba moda, ndiwo aja a chilembo B. Pensulo yodziwika kusukulu, HB, ili pakatikati. Inki imalowa m'pepala, koma girafaiti amangokhala pamwamba pake. N'chifukwa chake amafufutika ndi labala, amapakika dzanja likadutsapo, ndiponso amanyezimira. Kuwala kwa kamera kukawomba tsamba molunjika, mzere wokandikizidwa kwambiri ukhoza kuphetira nkuoneka woyera ngati pepala lomwelo.

Chachiwiri ndi kukula kwa chithunzi. Chithunzi cha pa foni chimapangidwa ndi timadontho, ndipo WhatsApp, pofuna kusunga bandulo, nthawi zambiri imachichepetsa mpaka timadontho pafupifupi 1,600 m'litali mwake. Pepala la A4 ndi lotalika mamilimita 297. Tsamba likadzaza chithunzi chonse, milimita iliyonse imapeza timadontho tisanu ndi pang'ono, ndipo mzere wa pensulo wokhuthala theka la milimita umapeza timadontho tosakwana titatu. Koma wojambula akaima patali, tsamba nkutenga theka la chithunzi, kwinako kuli tebulo ndi mphasa, mzere womwewo umatsala ndi kadontho kamodzi ndi pang'ono. Mzere wa bolopeni wakuda ukhoza kupirira zimenezi. Wa pensulo, umene unali wotuwa kale, umasungunukira m'pepala.

Apa ndi pamene kukulitsa chithunzi ndi zala ziwiri kumanyenga. Kukulitsa kumangotambasula timadontho timene tilipo. Sikubwezeretsa timene tinatayika potumiza.

Ntchito imodzi, kamzere kamodzi

Tiyerekeze mtsikana wa Fomu 1 wapatsidwa funso ili: 3x + 12 = −9. Njira yake ndi yakuti 12 achotsedwe mbali zonse, zimene zikupereka 3x = −21, kenako agawe ndi 3 kuti apeze x = −7. Ntchitoyo wajambula madzulo pa foni ya mayi ake, pa kuwala kwa tochi.

Pa chithunzi chimene chafika kwa mphunzitsi, mzere woyamba ukuoneka bwino. Wachiwiri ukuwerengekanso: 3x = −21. Pa mzere wachitatu, 7 akuoneka, koma pakati pa chizindikiro cha = ndi 7 pali kachinthu kotuwa. Kakhoza kukhala chizindikiro chochotsera. Kakhoza kukhala chipsera cha labala. Kakhozanso kukhala mzere wosindikizidwa wa kope, chifukwa mtsikanayo walemba mokwera pang'ono ndipo mzere wa kope wadutsa pomwepo.

Mphunzitsi amadziwa kuti yankho ndi −7, ndipo ngozi ili pamenepo. Munthu womva kwaya ikuimba kutali nyimbo imene amaidziwa amamva mawu onse, ngakhale mphepo yabweretsa theka lokha, chifukwa mutu wake ukudzaza otsalawo. Wochonga wodziwa yankho amachitanso chimodzimodzi: amaona chizindikiro chochotsera chifukwa akuchiyembekezera. Ndipo ngati mwanayo amadziwika kuti masamu amamuvuta, diso lomwelo limaona chipsera cha labala. Choncho funso loyamba loti wochonga adzifunse ndi lakuti: munthu wosadziwa funsoli, atangoonetsedwa malo amenewa, angawerenge chiyani?

Pali njira zitatu zoyesera zimenezi popanda kuvutitsa mwana. Yoyamba ndi kuyerekeza ndi dzanja la mwana yemweyo pa tsamba lomwelo. Chizindikiro chochotsera cha pa −21 n'chotalika bwanji, n'chakuda bwanji, chakhala pamtunda wotani? Ngati kachinthu kokayikitsa kali ndi utali ndi malo ofanana, kangopepuka chabe, chitsimikizo chimakwera. Ngati kakupitirira kumanzere ndi kumanja mosadukiza, ndi mzere wa kope. Yachiwiri ndi kuona ngati malowo afufutidwapo: pofufutidwa pamakhala potuwa mozungulira, ndipo mzere wakale umasiya kangalande m'pepala kamene kuwala kochokera m'mbali kamakaonetsa ngati mzere weniweni. Yachitatu ndi kubisa tsamba lonse nkuonetsa mphunzitsi wina malo okhawo. Awiriwo akawerenga zosiyana, chithunzicho sichikukwanira.

Nanga mzere wachiwiri uja suthandiza? Umathandiza pang'ono. Ukuonetsa kuti mtsikanayo anafika pa −21 molondola. Koma kuiwala chizindikiro pogawa ndi cholakwa chimene aphunzitsi a masamu amachiona kawirikawiri pa msinkhu umenewu, ndipo ndi chimene funsoli likuyesa. Mizere yam'mbuyo imanena zimene mwana amayenera kulemba. Sinena zimene analemba. Pa ntchito imeneyi chigamulo chonse chapachikika pa kamzere kamodzi, ndipo mphunzitsi ayenera kufunsa.

Tsopano tiyerekeze kuti pa tsamba lomwelo pali funso lina limene yankho lake ndi 46, ndipo mtsikanayo walemba nambala yooneka ngati 31 kapena 37. Nambala yachiwiri ndi yosawerengeka kuposa kamzere kaja, koma palibe chifukwa chopemphera chithunzi china kuti achonge. Kaya ndi 31 kaya 37, yankholo ndi lolakwa. Chimodzimodzi deti lofufutika pamwamba pa tsamba, kapena chilembo chimodzi chosaoneka m'chiganizo chimene tanthauzo lake likumveka, pokhapokha ngati phunzirolo lili la kalembedwe ka mawu. Choyezera si kutuwa kwa tsamba. Wochonga alembe njira zonse zimene malo okayikitsawo angawerengedwere, ndipo aone ngati zikupereka malikisi osiyana. Zikapereka ofanana, achonge. Zikasiyana, afunse.

Zizindikiro zimene kawirikawiri zimasintha chigamulo ndi zing'onozing'ono: chochotsera, kadontho kosiyanitsa 2.5 ndi 25, kanambala kakang'ono kokwezedwa pamwamba monga mu x², ndi kamzere ka pamwamba kamene kamasiyanitsa 7 ndi 1. Zonsezi zimalembedwa mothamanga, pensulo isanakandikizidwe.

Nambala ya kompyuta ndi malire ake

Mapulogalamu owerenga zilembo amapereka nambala yosonyeza chitsimikizo chawo. Mwachitsanzo Tesseract, pulogalamu imene inayambira ku kampani ya Hewlett-Packard m'zaka za m'ma 1980 ndipo inatsegulidwa kwa aliyense mu 2005, imapereka nambala yofika 100 pa liwu lililonse. Iyo inapangidwira zosindikiza ndipo zolemba pamanja zimaivuta, koma mapulogalamu atsopano a zolemba pamanja amaperekanso nambala yotere. Munthu akaona 97 amaganiza kuti nkhani yatha. Pa pensulo yofooka pali zifukwa zitatu zosaikhulupirira msanga.

Choyamba, mapulogalamu ambiri asanawerenge amayamba asandutsa chithunzi kukhala chakuda ndi choyera basi. Amaika malire: chilichonse chakuda kuposa malirewo ndi cholembedwa, chotsala ndi pepala. Njira yotchuka yopezera malirewo inafalitsidwa ndi Nobuyuki Otsu wa ku Japan mu 1979. Mzere wotuwa ukagwera mbali ya pepala, umafufutika. Pa ntchito ya mtsikana uja, chizindikiro chochotsera chikhoza kutha pa sitepe imeneyi, pulogalamu nkuona 7 wooneka bwino nkupereka chitsimikizo chokwera. Siinanama za 7, koma chimene sinachione ilibe nambala yake. Momwemonso 7 wotaya kamzere kake ka pamwamba amasanduka 1 wosakayikitsa. Mapulogalamu a pa foni oyeretsa zithunzi za mapepala amachitanso zomwezo, choncho tsamba loyera bwino ngati lofotokopa likhoza kukhala lotaya zambiri kuposa chithunzi wamba.

Chachiwiri, nambalayo ikhoza kukhala yodzitama. Mu 2017 Chuan Guo ndi anzake a pa yunivesite ya Cornell anaonetsa kuti makina amakono ozindikira zithunzi amakonda kupereka chitsimikizo choposa kulondola kwawo. Nambala yodalirika ndi imene, pa zilembo 100 zimene yati 90, pafupifupi 90 zimakhaladi zolondola. Vutoli limakula pulogalamu ikakumana ndi zolemba zosiyana ndi zimene inaphunzirira. Mulu wotchuka wa manambala olembedwa pamanja, MNIST, wa mu 1998, uli ndi zithunzi 60,000 zophunzitsira ndi 10,000 zoyesera, zolembedwa ndi ogwira ntchito ku ofesi ya kalembera ya ku America ndi ophunzira a kusekondale a kumeneko. Ndi manambala oyeretsedwa, lililonse lili pakati pa kabokosi kake. Tsamba la kope lopindika, lojambulidwa pa tochi, ndi chinthu china.

Chachitatu ndi masamu wamba. Yankho la x = −7 lili ndi zizindikiro zinayi, ndipo 3x = −21 lili ndi zisanu ndi chimodzi. Ngati chilichonse mwa zisanu ndi chimodzizo chili ndi mwayi wa 95 pa 100 wowerengedwa molondola, ndipo zolakwa sizikudalirana, mwayi woti mzere wonse ukhale wolondola umatsikira pa 74 pa 100. Kutenga avereji ya tsamba lonse kumabisa zimenezi. Chofunika kuyang'ana ndi chizindikiro chofooka kwambiri pa mzere umene ukupereka malikisi.

Malire aikidwe pati?

Funso la nthawi yokana kuwerenga ndi lakale. Mu 1970 katswiri wina, C. K. Chow, analemba lamulo lake: makina akane kuwerenga pamene mwayi wolakwa waposa mtengo wa kukana pouyerekeza ndi mtengo wa kulakwa. Makina owerenga macheke m'mabanki a ku America m'zaka za m'ma 1990 ankagwira ntchito ndi mfundo yotere. Cheke chokayikitsa chinkapita kwa munthu.

Lamuloli limagwiranso ntchito kwa mphunzitsi. Ngati kuchonga molakwa kukupweteka kakhumi kuposa kupempha chithunzi china, afunse pamene mwayi wolakwa waposa 1 pa 10, kutanthauza pamene chitsimikizo chili pansi pa 90 pa 100. Ngati kukupweteka kanayi kokha, malire amatsikira pa 75. Manambalawa ndi chitsanzo chabe, koma akuonetsa kuti malire amodzi sangakwanire ntchito zonse. Ntchito yoyeserera ya tsiku ndi tsiku, imene mawa idzakambidwanso, ingalole kukayika kokulirapo. Mayeso olowa pa lipoti la teremu salola.

Mbali zonse ziwiri ziyenera kuwerengedwa moona. Kuchonga molakwa kuli pawiri: mwana wolemba bwino kulandidwa malikisi, nkuyamba kukayikira njira yolondola, kapena mwana wolakwa kupatsidwa chongi, nkunyamula cholakwacho mpaka ku mayeso. Kupempha chithunzi china nakonso si kwaulere. M'mabanja ambiri foni ndi ya kholo ndipo imafika kunyumba madzulo, bandulo ndi yowerengera, batire limatchajidwa pa malo olipira. Pempho lotumizidwa usiku likhoza kuyankhidwa mawa lake kapena osayankhidwa. Mwana wouzidwa katatu kuti ajambulenso amasiya kutumiza. Ndipo amene amabwezeredwa kwambiri ndi omwe ali ndi foni yofooka ndi kuwala kochepa, choncho malire okhwima mopitirira amalanga umphawi.

Mphunzitsi angayese diso lake monga momwe pulogalamu imayesedwera. Pochonga pa chithunzi, aike kachizindikiro pa malo amene wawerenga mokayika pang'ono koma osafunsa. Makope akabwera m'kalasi, ayerekeze ndi zimene zilidi pa pepala. Ngati pa malo 20 otere walakwitsa asanu, ndiye kuti "ndikuona ngati" wake amalemera 75 pa 100, ndipo pa mayeso ayenera kufunsa msanga kuposa momwe amachitira.

Kupempha mothandiza

Asanapemphe, wochonga adziwe pamene vuto lili, pa chithunzi kapena pa pepala. Mizere yosindikizidwa ya kope ndiyo mboni. Ngati nayonso ili yosalongosoka, kamera inagwedezeka kapena sinalunjike bwino, ndipo kujambulanso kuthandiza. Ngati mbali imodzi ya tsamba yayera mwaphe pamene ina ikuwerengeka, ndi kunyezimira. Koma ngati mizere ya kope ikuoneka yakuthwa, m'mphepete mwa pepala mukuoneka bwino, zolemba zokha ndizo zotuwa paliponse, ndiye kuti pensulo ndi yolimba kapena dzanja ndi lopepuka. Apa kujambula kuchokera patali pomwepo kubweretsa zomwezo. Chothandiza ndi kuyandikira, ndipo pa ntchito yotsatira mwanayo agwiritse pensulo yofewa ngati 2B.

Pempho lakuti "sizikuoneka, tumizaninso" silithandiza, chifukwa silinena chosintha. Pempho labwino limatchula malo ndi chochita. Popeza uthenga umafikira kholo, mphunzitsi wa mtsikana uja angalembe kuti: "Mayi, ntchito ya mwana ndalandira, zikomo. Mafunso ena onse ndachonga. Pa funso 4 pokha mzere womaliza sukuoneka bwino. Chonde mujambule funso limenelo lokha moyandikira, mawa kukacha, pakhonde pamene dzuwa silikuwomba pepala. Asalembenso kapena kufufuta chilichonse."

Chiganizo chilichonse mu uthengawu chili ndi ntchito. Kujambula funso limodzi kumapereka timadontho tonse ku kachigawo kakang'ono ka tsamba: ngati chithunzi chatenga gawo limodzi mwa magawo atatu a utali wa tsamba, mzere wa pensulo umapeza timadontho tochuluka katatu. Kuwala kwa masana pamthunzi kumafika mbali zonse ndipo sikuphetira. Foni ikhale pamwamba pa pepala molunjika, kuwala kwa kamera kutazimitsidwa, ndipo wojambula agunde pa zolembazo pa sikirini kuti kamera ilunjike pamenepo. Ngati bandulo ilipo, kusankha HD kapena kutumiza chithunzi ngati Document kumasunga zambiri, koma kuyandikira n'kotsika mtengo.

Mawu akuti asalembenso ndi ofunika kwambiri. Mwana akamva kuti pensulo yake sikuoneka amafuna kuthandiza podutsitsa bolopeni pamwamba, ndipo potero amalemba zimene akuganiza tsopano, mwina ataona kale yankho la mnzake. Pa chifukwa chomwecho mphunzitsi asafunse kuti, "Kodi pamenepa pali chizindikiro chochotsera?" Funso lotere lanena kale yankho, ndipo mwana aliyense adzavomera. Ngati ayenera kufunsa pakamwa, anene kuti, "Undiwerengere mzere womaliza wa funso 4 monga momwe unalembera."

Pempho limodzi ndi lokwanira. Chithunzi chachiwiri chikabwera chili chimodzimodzi, vuto lili pa foni kapena pa pepala, ndipo lachitatu silisintha kanthu. Pa ntchito yoyeserera, mphunzitsi apereke malikisi a njira imene ikuoneka, alembe poyera kuti mzere womaliza sunawerengeke, ndipo ampatse mtsikanayo funso lina lofanana, monga 2x + 14 = −4, limene yankho lake ndi −9. Chimene akufuna kudziwa ndi chakuti mwanayo amasunga chizindikiro pogawa kapena ayi, ndipo funso latsopano limayankha zimenezo bwino kuposa kulimbana ndi chithunzi chakale. Pa mayeso, malikisi a funso 4 adikire mpaka kopelo lifike m'manja mwa mphunzitsi, ndipo kholo liuzidwe kuti funsolo laimikidwa, silinalakwe.